Musanalowetse katundu m'nyumba ya lendi: kulemba ndi kujambula mmene mwaipezera kuti dipoziti idzabwere

Nyumba yoyamba imene ndinachita lendi ku Lilongwe ndinailowa madzulo, lole ili pageti, adalaivala akuliza hutala kuti tifulumire kutsitsa katundu. Ndinalandira makiyi m'manja mwa landilodi, tinagwirana chanza, basi. Patatha zaka ziwiri, tsiku lotuluka, bambowo anaima m'bafa n'kuloza sinki yomwe inali ndi mng'alu kuchokera pa mpope kutsika kumunsi. Mng'alu umenewo ndinaupeza, ndipo ndimaudziwa bwino chifukwa ndimauona m'mawa uliwonse posamba m'maso. Koma umboni ndinalibe. Iwo akuti sinki inali yabwinobwino, ine ndikuti inali yong'aluka kale, ndipo ndalama ya dipoziti inali m'thumba mwawo. Inapita yonse.

Mwina bambowo sankanama n'komwe. Munthu amene ali ndi nyumba zinayi sangakumbukire sinki iliyonse. Mikangano yambiri ya dipoziti imayamba chonchi, anthu awiri akukumbukira zosiyana popanda cholembedwa chowaweruza. Chimene chimathetsa nkhani ndi pepala lofotokoza mmene nyumba inalili tsiku lolowa, zithunzi zokhala ndi deti zogwirizana ndi mizere ya papepalapo, ndi siginecha za nonse awiri. Zitatuzi ziziyendera limodzi. Chithunzi chokha munthu akhoza kunena kuti munajambula dzulo, pepala lokha akhoza kunena kuti mng'aluwo unali waung'ono inu mwaukulitsa.

Pangani tsiku, nyumba ili yopanda kanthu

Ntchitoyi imachitika tsiku lolandira makiyi, kunja kukuwala, katundu asanalowe ngakhale mpando umodzi. Wadirobu ikangoima pakhoma, chinyezi chimene chili kuseri kwake simudzachionanso mpaka tsiku lotuluka. Komanso katundu akalowa, landilodi ali ndi poyambira kunena kuti tailosi yosweka pakhomo paja inasweka ndi mwendo wa bedi lanu. Choncho uzani wa lole abwere masana, inu ndi eni nyumba mukumane m'mawa. Nyumba ya zipinda zogona zitatu imadya ola limodzi ndi theka, nthawi zina awiri.

Nkhaniyi muiyambe tsiku limene mukugwirizana za lendi, musawadzidzimutse nalo pepala pakhomo. Kwathu kuno kupempha wamkulu kuti asaine kumamveka ngati mukumukayikira, ndiye mawu ake akhale aulemu. Mukhoza kunena kuti: "Bambo, tsiku lotenga makiyi ndimapempha tiyendere limodzi nyumbayi, tilembe zimene zilimo ndi mmene zilili, kuti potuluka ndidzakubwezereni mmene munandipatsira. Zikuthandizaninso inuyo ngati ine nditawononga kanthu." Mawu omalizawa ndi oona, ndipo alandilodi ambiri akawamva amavomera, chifukwa nawonso anapsapo ndi anthu amene anachoka atazula maloko.

Tengani mapepala, zolembera ziwiri za inki, foni yodzaza moto, tchaja, babu limodzi logwira ntchito, ndi ndowa. Za tchaja, babu ndi ndowa zimveka kutsogoloku.

Konzani pepala

Pamwamba lembani deti lonse, nambala ya poloti kapena ya nyumba ndi dera, mayina a landilodi ndi olowa, lendi ya pamwezi, ndi dipoziti imene yaperekedwa, m'manambala ndi m'mawu omwe. Ngati munalipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, lembaninso nambala ya uthenga wotsimikizira malipiro. Mzere umodzi unene poyera kuti ndalamayi ndi dipoziti yobwezedwa potuluka. Alipo anthu amene anapereka miyezi itatu, iwo akuganiza kuti umodzi ndi dipoziti, landilodi akuwerenga yonse ngati lendi yolipiriratu.

Kenako gawani pepala m'madanga anayi: chinthu, mmene chilili, nambala ya chithunzi, ndi danga lomaliza losiya lopanda kanthu lodzalemba tsiku lotuluka. Chipinda chilichonse chikhale ndi mutu wake, ndipo muchitchule moti wina aliyense angachipeze. "Chipinda chachiwiri" ndi dzina losokoneza. Lembani "chipinda chogona choyang'ana kumsewu" kapena "chipinda choyandikana ndi bafa".

Lembani zowerengeka, osati "zili bwino"

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa ngakhale pepala ali nalo. Amalemba "mawindo: ali bwino", "khoma: lakuda pang'ono". Mawu otere sateteza aliyense, chifukwa pang'ono pa inu si pang'ono pa landilodi. Mzere wabwino umanena chinthu, malo ake, chiwerengero ndi kukula kwake. Mwachitsanzo:

Windo la pabalaza loyang'ana kugeti: magalasi a luva 16, osweka 3, onse kumunsi kumanzere. Zithunzi 5 ndi 6.

Siling'i ya chipinda choyandikana ndi bafa: banga la madzi pakona yakumanja, lalikulu ngati mbale ya nsima, bolodi lafufuma. Chithunzi 14.

Thanki ya toileti: chivindikiro chong'aluka pakati, chomangidwa ndi waya, imagujumula bwino. Chithunzi 19.

Muyende njira imodzi m'chipinda chilichonse kuti musadumphe kanthu. Ine ndimayamba ndi chitseko, kenako ndimazungulira makoma kulowera kumanja, kenako kumwamba, n'kumalizira pansi. Pachitseko tsekani ndi kutsegula ndi kiyi kawiri, gwedezani chogwirira, onani ngati chitseko chikukhula pansi. Gogodani felemu ndi chala: thabwa limene chiswe chalidya m'kati limalira ngati ng'oma yobooka, ngakhale kunja penti ili yosalala, ndipo nthawi zambiri m'mbali mwake mumakhala timizere ta dothi. Zimenezo lembani, chifukwa felemu yotere idzagwa yokha inu muli m'nyumbamo. Pamawindo werengani magalasi, yesani zotsekera, onani zitsulo zotchingira akuba ngati pali yomasuka. Pamakoma lembani ming'alu, mabowo a misomali ndi pamene penti yasupuka. Pansi werengani matailosi osweka, kapena malo amene simenti yakumbika.

Siling'i ifunika kuidekhera, makamaka mukalowa m'nyumba nthawi ya chilimwe. Munthu wolowa mu Ogasiti kapena Seputembala sangaone denga likudontha, adzadziwa mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala. Koma denga lodontha limasiya chizindikiro: mabanga ofiirira ozungulira, bolodi lofufuma kapena lolendewera, nkhungu yakuda m'makona. Penti yatsopano pamalo amodzi okha a siling'i nayonso ikukuuzani kanthu. M'nyumba yopanda siling'i tsekani zitseko ndi mawindo masana, yang'anani kumalata, ndipo paliponse polowa kadzuwa ndi podzalowa madzi.

Soketi iliyonse muiyese ndi tchaja ndi foni. Pamene palibe babu, ikani lanu lija muyese swichi. Ngati pali giza, iyatseni poyamba penipeni kuti pomaliza kuyendera muone ngati madzi afunda. M'khitchini ndi m'bafa tsegulani mpope uliwonse, tsekani, dikirani muone ngati ukudontha. Thirani ndowa yodzaza m'sinki ndi pansi pa shawa, muone ngati madzi akutsika msanga kapena akuima, ndipo gwirani paipi ya pansi pa sinki ngati yanyowa.

Kunja musaiwale: geti ndi loko wake, mpanda, mpope wapanja, chivindikiro cha dzenje la toileti, magetsi a panja, ndi mitengo ya zipatso ngati ilipo. Werengani makiyi onse, mulembe kuti chitseko chakuti makiyi awiri, geti kiyi mmodzi, muwayale pansi muwajambule.

Mamita

Mamita ali ndi mzere wawowawo chifukwa ngongole ya amene anatuluka imakonda kugwera wolowa. Pa mita ya ESCOM yogulira mayunitsi, jambulani nambala ya mita ndi mayunitsi amene atsala. Pa mita ya madzi, kaya ndi ya Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena bodi ya m'chigawo chanu, pukutani galasi, jambulani manambala onse ndi nambala ya mitayo. Ngati ndi mita yolipira mwezi ukatha, pemphani bilu yomaliza ndi lisiti yake, ndipo ngati pali ngongole ilembedwe papepala kuti ndi K zakuti, wolipira ndi landilodi.

Muli pomwepo yesani ichi: tsekani mipope yonse, dikirani thanki ya toileti idzaze, werengani mita, ndipo muwerengenso pakatha mphindi 15. Ngati manambala ang'onoang'ono kapena kamuvi kayenda, penapake madzi akutayika, mwina paipi ya pansi pa nthaka kapena thanki imene sikutseka. Bilu yake idzakhala yanu mwezi ndi mwezi mukapanda kulemba lero. Pamene mita imodzi ikugwiritsidwa ntchito ndi mabanja angapo papoloti, lembani mmene mumagawanirana.

Nanga tsikulo magetsi atazima kapena mipope itauma, monga zimachitikira? Musalembe kuti masoketi ali bwino poti simunawayese. Lembani kuti "masoketi, giza ndi mipope sizinayesedwe, magetsi ndi madzi kunalibe", ndipo pansi pa pepala muonjezere kuti wolowa ali ndi masiku 7 oti anene zovuta zimene sizikanaoneka tsiku lolowa. Mzere umenewu ndi wofunika ngakhale zonse zikuyenda, chifukwa zina zimadziwika munthu akagonamo.

Kujambula kwake

Musanayambe, onani ngati deti ndi nthawi ya foni zili zolondola, chifukwa foni imalemba zimenezo m'kati mwa chithunzi chilichonse. Mafoni ambiri a Android amaikanso deti m'dzina la chithunzi, monga IMG_20250802_101512.jpg, kutanthauza 2 Ogasiti 2025, nthawi ya 10:15 m'mawa. Mukatsegula chithunzi n'kusankha Details mumaona zimenezi. Makamera ena ali ndi posankha kuti deti lizioneka pakona pa chithunzi penipeni, ndipo ngati yanu ili napo, yatsani.

Chinthu chowonongeka chilichonse chijambulidwe kawiri. Chithunzi choyamba muime patali, chionetse khoma lonse ndi windo kapena chitseko, kuti munthu adziwe kuti ndi chipinda chiti. Chachiwiri muyandikire, ndipo pambali pa mng'alu kapena banga muike cholembera kapena kiyi kuti kukula kwake kudziwike. Chithunzi cha mng'alu chapafupi chokhachokha chikhoza kukhala cha nyumba iliyonse ya mu Area 25. Jambulaninso zimene zili bwino, chithunzi chimodzi kuchokera pakhomo la chipinda ndi china kuchokera kukona yoyang'anana nalo. Izi ndi zimene zimateteza landilodi, ndipo akaona mukujambula zabwino zomwe amamasuka.

Kuti nambala ya papepala igwirizane ndi chithunzi, njira yosavuta ndi kudula timapepala, kulembapo 1, 2, 3 ndi deti la tsikulo, n'kuika kapepala m'chithunzimo. Zimachedwetsa pang'ono, koma patatha zaka ziwiri simudzavutika kusaka kuti chithunzi 14 ndi chiti pakati pa zithunzi 50. Chithunzi nambala 1 chikhale cha kutsogolo kwa nyumba, ndipo ngati landilodi alola, aimepo limodzi nanu. Vidiyo yoyenda nyumba yonse ndi yabwino kuonjezera, makamaka pa zinthu zomveka ndi zoyenda monga mpope wodontha, koma isalowe m'malo mwa zithunzi, poti kusaka mng'alu umodzi m'vidiyo ya mphindi 10 n'kovuta.

Deti la m'foni munthu wodziwa akhoza kulisintha, choncho pafunika umboni wina umene suli m'manja mwanu nokha. Tumizani zithunzi zonse kwa landilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo, musanasiyane, ndipo apempheni ayankhe kuti "ndalandira". Uthengawo umakhala ndi deti m'mafoni onse awiri. Chenjezo lake ndi ili: mukatumiza chithunzi mwa nthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa ndi kuchotsa zolembedwa za m'kati mwake, deti lojambulira lomwe, ndipo ming'alu yopyapyala imatha kuzimiririka. Tumizani posankha Document, chithunzi chimafika mmene chilili ndi dzina lake. Zimadya bandulo yochulukirapo, koma ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi dipoziti.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Sungani zithunzi penanso, pa imelo yanu kapena pa Google Photos, ndipo zisanu kapena khumi zofunika kwambiri mukazisindikize pamalo osindikizira mapepala, nonse musaine kuseri kwake.

Kusaina

Mukamaliza kuyendera, werengani pepala lonse mokweza muli limodzi. Pamene simukugwirizana, mwachitsanzo inu mukuti loko ndi wolimba kutsegula, landilodi akuti ndi wabwino, lembani mawu a onse awiri m'malo mokangana. Zimene landilodi walonjeza kukonza zilembedwe ndi tsiku lake: "landilodi asintha magalasi 3 a pabalaza pofika 16 Ogasiti". Akakonza, lembani pamapepala onse awiri kuti zakonzedwa ndi kujambulanso, chifukwa kuyambira pamenepo galasi likasweka ndi lanu.

Mzere wina umene ndimaumirira ndi wa penti. Alandilodi ambiri amayembekezera kuti wotuluka apente nyumba, pamene olowa ambiri amaganiza kuti penti kufwifwa ndi zaka si mlandu wawo. Gwirizanani lero, mulembe. Ngati munalowa nyumba isanapentedwe, zilembedwe choncho, kuti musadzapente nyumba imene munaipeza yakuda. Lembaninso kuti zinthu zotha ndi ukalamba, monga labala ya mumpope kapena penti yofwifwa ndi dzuwa, sizidzadulidwa pa dipoziti, kuti chodulidwa chilichonse chidzakhala ndi lisiti kapena mtengo wa mmisiri, ndi kuti yotsala idzabwezedwa pasanathe masiku angati mutabweza makiyi.

Aliyense asaine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha, kuti tsamba lina lisadzasinthidwe. Lembani chiwerengero cha masamba ndi cha zithunzi pamwamba pa siginecha: "masamba 4, zithunzi 46". Malo otsala opanda kanthu adutsitseni mzere. Pofufuta paliponse nonse muikepo zilembo zoyamba za mayina anu. Mboni imodzi mbali iliyonse ndi yokwanira, ndipo ndi bwino ikhale munthu amene adzapezeke, monga woyandikana naye nyumba wokhazikika kapena mfumu ya m'deralo. Amene sadziwa kulemba adinde chala, mboni itamuwerengera. Mapepala akhale awiri ofanana, onse osainidwa ndi inki, lina kwa landilodi lina kwa inu, ndipo mujambule masamba onse n'kuwatumizanso pa WhatsApp paja.

Nthawi zambiri amene amabwera ndi makiyi si mwini nyumba koma ejenti, mlonda kapena mphwake, eni ake ali ku Joni kapena kumudzi. Ejenti akalandira yake mwina simudzamuonanso. Woimirayo asaine ndi kulemba kuti akusainira m'malo mwa ndani, koma mwini nyumba atumize uthenga wovomereza kuti wamutuma ndipo walandira pepala ndi zithunzi. Ngati landilodi wakaniratu kusaina, ine ndingaganize kawiri ndisanapereke dipoziti. Ngati mwapereka kale, yenderani nyumba ndi mboni, isaine mboniyo, mutumize zonse kwa landilodi tsiku lomwelo ndi mawu akuti ngati pali chimene sakugwirizana nacho anene m'masiku 7. Mphamvu yake ndi yocheperapo, komabe mukakafika kwa mfumu kapena kukhoti la majisitireti muli ndi chogwira m'manja.

Mmene pepalali limagwirira ntchito potuluka

Tiyerekeze banja lina linalowa nyumba ku Chilomoni pa 2 Ogasiti 2025, dipoziti K300,000, ndipo linalemba mizere itatu ija ya windo, siling'i ndi thanki. Landilodi sanasinthe magalasi aja. Tsiku lotuluka, katundu atatuluka ndipo m'nyumba mwakolopedwa, akuyendanso njira yomwe ija, pepala lili m'manja, akudzaza danga lachinayi. Mayi mwini nyumba akuwerenga zofuna kudula: magalasi 4 osweka, tinene kuti lililonse K6,000, ndiye K24,000; chivindikiro cha thanki K35,000; bolodi la siling'i ndi mmisiri K80,000; loko wa kukhitchini K25,000. Zonse K164,000, kutanthauza kuti banjalo lilandira K136,000 yokha.

Atsegula pepala. Mzere wa windo ukuti osweka anali 3, ndipo chithunzi 6 chikuonetsa malo ake, kumunsi kumanzere. Lachinayi lili kumwamba, ndipo bambo wa panyumbapo akuvomera kuti linasweka ndi mpira wa ana. Lawo ndi limodzi, K6,000. Chithunzi 19 chikuonetsa chivindikiro chili ndi waya womwe uja, nkhani yatha. Siling'i ndi yovutirapo, chifukwa banga limene linali ngati mbale tsopano lakula ngati lichero, ndipo mayiwo akuti mukanandiuza ndikanakonza denga. Apa chikuwapulumutsa ndi uthenga umene anatumiza mu Januwale, mvula ili pakati, wokhala ndi chithunzi cha beseni likulandira madzi, umene mayiwo anayankha kuti atumiza mmisiri. Pepala la tsiku lolowa silikanakwanira palokha pamenepa. Chovuta chilichonse chimene chabuka kapena kukula muli m'nyumba muzichinena molemba nthawi yomweyo, pamalo omwe aja munatumiza zithunzi zoyamba.

Loko ndiye wawatsutsa. Pepala likuti "loko wa kukhitchini: akugwira bwino, makiyi 2", ndipo onse anasaina. Lero wathyoka ndipo kiyi ndi mmodzi. Alipira K25,000 popanda kulimbana. Zodulidwa zonse ndi K31,000, yobwezedwa K269,000. Pansi pa danga lachinayi akulemba manambala a mamita a tsikulo, makiyi amene abwezedwa, K269,000 ndi tsiku limene iperekedwe, onse awiri n'kusainanso.